Kalata kwa wolemba mabuku watsopano: lendi ya chipinda chakuseri aziilowetsa bwanji?

MaiLeja_Kapata

Moni nonse pa gulu. Mwezi wamawa kukubwera mtsikana watsopano wodzagwira mabuku pa sitolo ya mbewu ndi feteleza ku Down Shops ku Chipata, ndiye ndamulembera kakalata ka momwe azilowetsera lendi mwezi ndi mwezi. Ndikupempha muione kaye ndisanamupatse.

Nkhani ili chonchi. Nyumbayo si ya sitolo, timalipira alandilodi K12,000 pamwezi. Kuseri kuli chipinda chokhala ndi khomo lakelake, ndipo tachititsa lendi kwa atelala pa K3,600 pamwezi, kulipira pasanadutse pa 5. Analowa pa 11 Juni. Sitolo sinalembetse VAT. Kalatayo ndi iyi:

"Mng'ono wanga, pano lendi ilipo iwiri ndipo usaisakanize. Ina ndi yomwe timalipira alandilodi, ina ndi yomwe timalandira kwa atelala. Pa 1 mwezi uliwonse ulowetse zonse ziwiri, ndalama itayenda kapena isanayende. Kwa atelala ulembe invoisi ya K3,600, kope limodzi uwapatse, lina lilowe mu fayilo.

```
01/07  Dr Rent Expense         12,000
       Cr Landlord             12,000
01/07  Dr Subtenant             3,600
       Cr Sublease Income       3,600
```

Tsiku lomwe alipira uwalembere lisiti, kenako udebite banki kapena kashi, ukiredite akaunti yawo. Tikalipira alandilodi, udebite akaunti ya alandilodi, ukiredite banki. Pa 30 uone ngati maakaunti awiriwa abwerera pa ziro. Ngati sanabwerere, undiuze chifukwa usanatseke mwezi."

Chasowa n'chiyani pamenepa?

Zulu_wa_Katete

Amayi, mukumuchulukitsira ntchito mwana wa eni. Lendi yeniyeni yomwe sitolo ikumva kuwawa ndi K8,400. Atelala akabweretsa K3,600, ingokireditani `Rent Expense` basi, yatsika yokha. Mzere umodzi, nkhani yatha. Invoisi ya chiyani kwa munthu amene mukumuona tsiku lililonse akusoka kuseri?

Nyirenda_Mabuku

A Zulu, phindu la chaka lituluka chimodzimodzi njira zonse ziwiri, pamenepo simukunama. Koma mabuku salembedwera phindu lokha.

Taganizani Ogasiti atelala sanalipire. M'njira yanu palibe cholowa m'mabuku, chifukwa mumalemba pokhapokha ndalama ikafika. `Rent Expense` ingoonetsa K12,000 mwezi umenewo, ndipo palibe pena paliponse pamene palembedwa kuti pali munthu amene ali ndi ngongole ya K3,600. Eni sitolo akadzafunsa mu Novembala kuti kodi atelala atsala ndi zingati, mtsikanayo adzayamba kutsegula buku la malisiti tsamba ndi tsamba, kuwerenga miyezi ndi zala. Ndipo lisiti imanena zomwe zabwera, sinena zomwe sizinabwere. Invoisi ya pa 1 ndiyo imaika ngongole poyera. Akalipira imafufutika, akapanda kulipira imakhala pompo kukuyang'anani.

Chachiwiri, pangano la sitolo ndi alandilodi likunena K12,000. Wowunika mabuku atenga panganolo, achulukitsa ndi 12, ayembekezera K144,000 mu leja. Akapeza K100,800 ayamba kufunsa kumene kwapita K43,200, ndipo ndalama imeneyi ndi yomwe sitolo yapeza, iyenera kuoneka ndi dzina lake. Atelala atachoka mawa, alandilodi adzafunabe K12,000 yawo yonse. Ndiye mtengo wa nyumba ndi umenewo.

Ngati eni sitolo amakonda kuona K8,400, apatseni pa lipoti la pamwezi: lendi yolipira, kuchotsa lendi yolandira, yotsala. Pa pepala la lipoti mutha kuchotsera. Mu leja ayi.

Zulu_wa_Katete

Za lipoti ndamva. Koma ka shopu kakang'ono kopanda owunika mabuku, ine ndikuonabe kuti n'zochuluka.

Nyirenda_Mabuku

Ndi mizere iwiri pamwezi, achimwene. Kufufuza ngongole ya miyezi isanu m'buku la malisiti ndiye kochuluka.

Mwana_wa_Chadiza

Pepani, ine ndikuona kuti K3,600 yachepa. Ku Down Shops chipinda chokhala ndi khomo lake anthu akuchilimbirana, makamaka a mafoni. Mukanaika K4,500 ndithu.

MaiLeja_Kapata

Mtengo anagwirizana eni sitolo, ine changa ndi cholembera. Funso langa ndi la kalowetsedwe.

TemboAudit

Musanafike ku ma debiti, kalatayo iyambe ndi mapepala. Mtsikanayo asalowetse kanthu asanaone zinthu zitatu mu fayilo: pangano la sitolo ndi alandilodi, kalata ya alandilodi yololeza kuti muikemo munthu wina, ndi pangano la sitolo ndi atelala. Mapangano ambiri a nyumba za malonda amaletsa kuchititsa lendi mbali ya nyumba popanda chilolezo cholembedwa. Zoti "anavomera pakamwa titakumana ku maliro" sizithandiza tsiku lomwe ana a alandilodi atenga nyumbayo.

Pangano la atelala linene mtengo, tsiku lolipira, dipoziti, nkhani ya magetsi ndi madzi, ndi notisi. Lisapitirire tsiku lomwe pangano lalikulu likutha. Simungalonjeze munthu zaka ziwiri inu mutatsala ndi miyezi 14.

China chomwe chasowa: mwati analowa pa 11 Juni, koma chitsanzo chanu chayambira Julayi. Juni walowa bwanji? Kuyambira pa 11 mpaka pa 30 ndi masiku 20, kuwerenga ndi tsiku lolowa lomwe. K3,600 kugawa ndi 30 ndi K120 patsiku, ndiye invoisi ya Juni ndi K2,400. Lembani zimenezi m'kalatamo, chifukwa watsopano akaona K2,400 mu leja adzaganiza kuti atelala anaperewera K1,200 n'kuyamba kuwalonjerera ngongole yomwe kulibe.

MaiLeja_Kapata

Zikomo a Tembo. Kalata ya chilolezo ilipo, yosainidwa. Ya Juni inalowa K2,400 monga mwanenera, koma sindinaifotokoze. Ndiwonjezera.

Pali china chomwe ndimafuna maganizo anu. Atelala ndi alandilodi amapemphera mpingo umodzi, ndiye miyezi ina atelala amangopereka K3,600 ija m'manja mwa alandilodi, ife n'kutumiza K8,400 yokha. Eni sitolo sakuonapo vuto. Ndimufotokozera bwanji mtsikanayu?

Nyirenda_Mabuku

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo pamenepa m'kalata mupatse malo ambiri kuposa pena paliponse.

Wolemba mabuku watsopano amatsata sitetimenti ya banki. Mwezi ngati umenewo pa sitetimenti aonapo K8,400 yotuluka, yolowa palibe. Alowetsa K8,400 ku akaunti ya alandilodi n'kupitirira. Zotsatira zake, akaunti ya alandilodi itsala ndi K3,600 ku kirediti, ngati kuti sitolo ili ndi ngongole, ndipo ya atelala itsala ndi K3,600 ku debiti, ngati kuti sanalipire. Zonse ziwiri ndi zabodza. Choopsa n'chakuti `Trial Balance` igwirizanabe bwinobwino, chifukwa cholakwacho chili mbali zonse ziwiri mofanana. Palibe chomwe chingakuchenjezeni pa kompyuta.

Chizindikiro chake ndi ichi: maakaunti awiriwa akamakula limodzi ndi nambala imodzimodzi, K3,600, kenako K7,200, kenako K10,800, dziwani kuti ndalama ikudutsa kumbali. Munthu amene sakulipiradi sakulitsa akaunti ya alandilodi.

Kukonza kwake ndi jenala imodzi, yosakhudza banki:

```
05/08  Dr Landlord     3,600
       Cr Subtenant    3,600
       Paid direct to landlord, receipt no. ___
```

Koma muuzeni asalowetse jenala imeneyi chifukwa cha mawu a atelala. Pafunika lisiti yochokera kwa alandilodi, yolembedwa m'dzina la sitolo, yonena mwezi wake. Dzina la sitolo n'lofunika chifukwa ngongole ya K12,000 ndi ya sitolo. Atelala alibe pangano ndi alandilodi, angokhala mthenga wopereka ndalama. Lisiti ikalembedwa m'dzina la atelala, tsiku lina alandilodi atha kunena kuti imeneyo inali nkhani ina, sitolo inaperewerabe. Lisitiyo ikafika, aimate kuseri kwa pepala la jenala ndi sitepula, kenako alembere atelala lisiti ya sitolo, chifukwa iwonso akufunika umboni woti invoisi yawo yalipidwa.

Lisiti ikapanda kubwera pofika potseka mwezi, maakaunti akhale momwemo osakonzedwa, ndipo alembe pa lipoti kuti pali K3,600 yodikira umboni. Kuli bwino ioneke yosatha kusiyana n'kuifufuta ndi mphekesera.

Kunena zoona, ine ndikanapempha eni sitolo kuti njira imeneyi ithe. Atelala azilipira sitolo, sitolo izilipira alandilodi K12,000 yathunthu.

AnaBanda_Lundazi

Ndikugwirizana nazo. Onjezani kuti kamodzi pa miyezi itatu azipempha alandilodi asaine kapepala konena kuti lendi yalipidwa mpaka mwezi wakuti. Alandilodi ambiri alibe mabuku, ali ndi kope la ana asukulu, ndipo ndalama zobwera padera ndizo zimaiwalika kulembedwa. Pakatha chaka palibe amene amakumbukira.

Zulu_wa_Katete

Mwaona? M'njira yanga ija vuto limeneli kulibe. K8,400 yatuluka, K8,400 yalembedwa, mabuku ndi banki zagwirizana.

TemboAudit

Vuto silinachoke a Zulu, labisala. Mwezi womwe atelala anena kuti anapereka, alandilodi n'kukana, mudzatsegula tsamba liti?

Phiri_Mchini

Ine funso langa ndi la dipoziti. Kwathu kuno timangoiwerengera ngati lendi ya mwezi womaliza, ndiye timailowetsa ku lendi yolandira tsiku lomwelo. Palakwika?

AnaBanda_Lundazi

Palakwika, a Phiri. Dipoziti si ya sitolo, mukungosunga. Tsiku lomwe yafika mudebite banki, mukiredite akaunti yakeyake ya ngongole, monga `Tenant Deposit`, ndipo ikhale pomwepo mpaka munthuyo atatuluka. Musaiike ngakhale pa akaunti ya atelala ija ya mainvoisi. Ikakhala pamenepo, mwezi womwe sanalipire kompyuta iidya yokha, akaunti n'kuonetsa ziro, inu n'kumaganiza kuti zonse zili bwino pamene dipoziti yatha.

Potuluka ndiye mumaona. Tinene kuti dipoziti inali K3,600, ndipo asiya loko wothyoka ndi galasi la zenera losweka, kukonza kwake K650. Mumagwira K650, mumabweza K2,950, akaunti ya dipoziti n'kutsekeka. K650 ija ikiredite akaunti ya zokonzakonza, komwe ndalama ya kalipentala inalowa. Ngati pangano likunenadi kuti dipoziti ndi lendi ya mwezi womaliza, dikirani mwezi womalizawo ufike, mulembe invoisi monga mwa masiku onse, kenako musamutse dipoziti ilipire invoisiyo.

Phiri_Mchini

Nanga akalipiriratu? Nthawi ya mayunifomu mu Januwale atelala amakhala ndi ndalama, ena amaponya miyezi itatu kamodzi.

Nyirenda_Mabuku

Lisiti ilembedwe ya ndalama yonse, K10,800, ikiredite akaunti ya atelala. Koma invoisi ikhalebe ya K3,600 pa 1 mwezi uliwonse. Akauntiyo iyamba ndi kirediti ya K7,200 invoisi yoyamba italowa, kenako K3,600, kenako ziro. `Sublease Income` isalandire K10,800 mwezi umodzi, apo ayi mwezi umenewo uoneka wonona, iwiri yotsatira yowonda, ndipo eni sitolo aganiza kuti atelala asiya kulipira.

Posamala ndi pakutha kwa chaka. Ngati chaka cha mabuku chimatha pa 31 Disembala, ndipo alipira pa 1 Disembala miyezi itatu, ya chaka chimenecho ndi K3,600 yokha. K7,200 yotsalayo isamutsidwe ku `Rent Received in Advance`, ioneke ngati ngongole ya sitolo, isabisale pakati pa anthu amene ali ndi ngongole ku sitolo. Pa 1 Januwale muibweze.

Mwale_Solar

Inu mukukamba za lendi koma chomwe chimayambanitsa anthu ndi magetsi. Telala ali ndi ayironi, ndipo ayironi imadya mayunitsi kuposa makina osokera atatu. Mita ili imodzi?

MaiLeja_Kapata

Mita ya ZESCO ndi imodzi, yogulira mayunitsi. Tinaikako ka mita kakang'ono ka chipinda chakuseri.

Mwale_Solar

Mwachita bwino. Koma ndi kuzimazima kwa magetsi komwe tinakuona mu 2024, Kariba itaphwa, ndi bwino eni sitolo aganizire za sola. Mapanelo ochepa ndi batire imodzi zikwanira magetsi owunikira, kompyuta ndi makina osokera. Ayironi yokha ndiyo musaiike pa inveta yaing'ono, aziyatsa ya makala.

Mwana_wa_Chadiza

Ya makala imathothola phulusa pa nsalu zoyera, atelala a madiresi a ukwati saifuna n'komwe.

Mwale_Solar

Ndiye agule inveta yaikulu, koma mtengo wake ndi lendi ya miyezi ingapo.

MaiLeja_Kapata

Abale, tibwerere ku mabuku. Magetsi a atelala alowe pati?

TemboAudit

Pa tsiku lomaliza la mwezi mtsikanayo apite ndi atelala pa ka mita kaja, awerenge limodzi, ajambule ndi foni, onse asaine m'kope. Tinene kuti mwezi watha kanali pa 1,240, lero kali pa 1,335. Ndi mayunitsi 95. Mtengo wa yuniti autenge pa malisiti a mayunitsi omwe sitolo yagula mwezi womwewo: ndalama yonse yolipira kugawa ndi mayunitsi omwe anatuluka. Asatenge mtengo wa pa chikalata cha mitengo, chifukwa pa ndalama yomwe mumalipira pamachoka misonkho mayunitsi asanatuluke. Mwachitsanzo chabe, ngati K1,500 inatulutsa mayunitsi 600, yuniti ndi K2.50, ndipo atelala alipira K237.50.

Pa invoisi ukhale mzere wakewake, wosiyana ndi lendi. Ine ndimakiredita `Electricity`, chifukwa sitolo sigulitsa magetsi, yangogulira mnzake n'kubwezeredwa ndalama yomweyo popanda kuikapo phindu.

Zulu_wa_Katete

Eee! Pa lendi mwandikaniza kuchotsera, pa magetsi mukuchotsera nokha?

TemboAudit

Funso labwino. Kusiyana kwake n'kwakuti atelala akachoka, lendi ya K12,000 sitsika, koma mayunitsi 95 aja sagulidwanso. Sanali a sitolo chiyambire.

Nyirenda_Mabuku

Apa ine ndi a Tembo tisiyana pang'ono. Mita ili m'dzina la sitolo kapena la alandilodi, wogula mayunitsi ndi sitolo, ndiye ndimakonda kutsegula akaunti ina, `Utilities Recovered`, kuti zobwezedwa zioneke pazokha. Ubwino wake, mwezi womwe mtsikanayo waiwala kuwerenga mita, akauntiyo ikhala yopanda kanthu ndipo aliyense aona. Zikalowa mu `Electricity`, kuiwalako kumamira m'kati mwa nambala yomwe imasinthasintha kale mwezi ndi mwezi.

TemboAudit

Kuiwala kumagwidwa ndi kope la mita, osati ndi leja. Koma sindikana, njira yanu ndi yoyera. Chachikulu asankhe imodzi, asamasinthe pakati pa chaka.

AnaBanda_Lundazi

Ndipo pomwe palibe ka mita, n'kungogwirizana kuti "muzionjezera K200 ya magetsi ndi madzi", imeneyo ine ndimaiona ngati lendi ndithu, chifukwa sikutsata zomwe wagwiritsa ntchito.

Phiri_Mchini

Nanga 10% ya msonkho wa ZRA? Atelala sayenera kudula K360 asanapereke? Ndipo inunso mudule K1,200 kwa alandilodi.

Nyirenda_Mabuku

Limenelo ndi lamulo lakale, a Phiri. Kale wochita lendi ndiye ankadula 10% n'kukapereka. Kuyambira pa 1 Januwale 2022 zinasintha: wolandira lendi ndiye amadzilipirira yekha msonkho, mwezi ndi mwezi, pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo umawerengedwa pa lendi yonse, osati pa phindu. Wochita lendi amadula pokhapokha ZRA itamusankha kuti azitero. Maperesenti ndi malire ake akhala akusintha ndi bajeti, choncho m'kalatamo musalembemo nambala yoti aziigwiritsa ntchito mpaka kalekale. Lembani kuti Januwale aliyense atenge za chaka chimenecho ku ZRA.

Ichi n'chifukwa chinanso chosasakanizira. Pankhani ya atelala, sitolo ndiyo yolandira lendi. Ofesi ya msonkho ikafunsa kuti mwalandira lendi yochuluka bwanji chaka chino, yankho likhale pa akaunti imodzi, osati lokumba m'kati mwa `Rent Expense` kapena m'kati mwa malonda a feteleza. Ndipo lendi isalowe ku `Sales`, ingasokoneze phindu la katundu komanso msonkho wa malonda.

TemboAudit

Apa pali pokambirana. Ena amati poti nyumba si yanu, ndalamayi ingolowa pamodzi ndi zopeza zina za bizinesi. Ine ndimati lendi ndi lendi, mwini nyumba akhale ndani. A MaiLeja, eni sitolo atenge nambala yawo ya msonkho ya TPIN ndi mapangano onse awiri apite nawo ku ofesi ya ZRA ku Chipata konko, afunse mtundu wa msonkho woyenera kulembetsa, ndipo yankho alipemphe lolembedwa. Zimenezi asasiyire mtsikana wa sabata imodzi pa ntchito.

Phiri_Mchini

Ndiye amene akudulabe 10% mpaka lero?

Nyirenda_Mabuku

Afunseni kalata yowasankha ndi satifiketi ya zomwe adula. Popanda zimenezo, K360 imeneyo ikhale ngongole pa akaunti yawo.

Chisomo_ZICA

Moni akuluakulu, ine ndidakali pa sukulu. Tinaphunzira kuti pansi pa muyezo wolembera mabuku wa IFRS 16 lendi simalowanso ngati `Rent Expense`, nyumba imalowa ngati katundu woti uli ndi ufulu womugwiritsa ntchito, pamodzi ndi ngongole yake. Ndiye kalatayi siyolakwika kuyambira pa mzere woyamba?

TemboAudit

Waphunzira zoona, mwana wathu, koma funsa kaye kuti sitolo ikutsata muyezo uti. IFRS 16 inayamba mu 2019 ndipo imagwira amene amalemba mabuku motsata IFRS yathunthu. Sitolo yaing'ono ngati iyi imatsata muyezo wa mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo lendi imalowa mwezi ndi mwezi monga alembera amayiwa. Ngakhale ku kampani yaikulu, chipinda chobwereketsa kwa nthawi yochepa poyerekeza ndi zaka zotsala pa pangano lalikulu chimalowabe ngati lendi yolandira pamwezi. Zimasintha ukachipereka kwa nthawi yonse yotsalayo. Zikafika pamenepo si ntchito ya wolemba mabuku watsopano.

Mwana_wa_Chadiza

Nanga sitolo ikadzalembetsa VAT? Malonda a feteleza amakula msanga.

AnaBanda_Lundazi

Pamenepo invoisi ya atelala isintha. Lendi ya malo ochitira malonda imakhala ndi VAT ya 16%, nyumba yogona ndiyo ilibe. Ndipo ukalembetsa, walembetsa bizinesi yonse, sungati chipinda chakuseri sichikukhudzidwa. Ngati pangano likuti K3,600 osaphatikiza VAT, invoisi ikhala K3,600 kuonjezapo K576, pamodzi K4,176. Ngati pangano silinanene kanthu ndipo atelala akana kuonjeza, K3,600 yomweyo imatengedwa kuti VAT ili m'kati: kuchulukitsa ndi 16 kugawa ndi 116, ndi K496.55 ya boma, sitolo n'kutsala ndi K3,103.45. Ndi ndalama pafupifupi K500 pamwezi yotayika chifukwa cha mawu awiri osowa pa pangano. A MaiLeja, taonani pangano lanu likuti chiyani, ngakhale lero simunalembetse.

MaiLeja_Kapata

Ndaliona, silinatchule VAT. Likutha mu Meyi, ndiye polikonzanso tidzaikamo.

Ndawonjezera m'kalata za Juni, dipoziti, kulipiriratu, ndi jenala ya a Nyirenda pamodzi ndi lamulo la lisiti. Pa magetsi ndatenga akaunti yapadera, a Tembo mundikhululukire.

Nyirenda_Mabuku

Muikemonso za ndalama za pa foni. Atelala ambiri salipira kamodzi. Atumiza K2,000 pa 4, K1,000 pa 12, K600 pa 20, ndipo nthawi zina pa nambala ya eni sitolo, osati ya sitolo. Chilichonse chilembedwe lisiti yakeyake tsiku lomwe chafika, ndi nambala ya uthenga wa pa foni. Yomwe yalowa pa foni ya eni sitolo n'kusafika ku banki kapena mu kabati ya kashi, akiredite atelala ndithu poti alipira, koma adebite `Drawings`, akaunti ya zomwe eni sitolo atenga, kapena akaunti ya dairekitala ngati ndi kampani. Akapanda kutero atelala azioneka a ngongole pamene ndalama inagula kale ndiwo kunyumba kwa abwana. Mtsikana watsopano amaopa kufunsa abwana za foni yawo, choncho muwauze abwanawo inuyo, kuti Lachisanu lililonse azimutumizira mauthenga a ndalama zomwe zalowa.

Ndipo pa kompyuta atelala atsegulidwe ngati kasitomala, invoisi izidutsa mbali ya makasitomala. Ikalowa ndi jenala wamba molunjika ku akaunti yaikulu ya angongole, dzina lawo silituluka pa `Age Analysis`, ndipo mndandanda wa angongole usiyana ndi leja ndi K3,600 mwezi uliwonse.

TemboAudit

Ngati mwaika kuti invoisi izidzibwereza yokha mwezi ndi mwezi, ikani tsiku lothera, 31 Meyi. Apo ayi atelala adzachoka, kompyuta n'kumapitiriza kulemba lendi ya chipinda chopanda munthu.

Zulu_wa_Katete

Chabwino, za ngongole mwandigonjetsa, invoisi ndiyamba kulemba. Koma pa magetsi ndili ndi a Tembo. Funso langa lomaliza: atelala akakhala miyezi itatu osalipira, muzingolembabe invoisi, mabuku n'kumaonetsa phindu la ndalama yomwe simunaione?

Nyirenda_Mabuku

Malinga ali m'chipindamo ndipo pangano lili moyo, invoisi ilembedwe, chifukwa ngongole ikukuladi. Zikaoneka kuti ndalamayo siidzabwera, simufufuta mainvoisi akale. Mumatsegula akaunti ya ngongole zokayikitsa, n'kuikamo gawo lomwe dipoziti siingakwirire: pa K10,800, kuchotsa K3,600 ya dipoziti, ndi K7,200. Koma woganiza zimenezo ndi eni sitolo, ndipo asaine. Ntchito ya mtsikanayo ndi kuwaonetsa nambala mwezi woyamba womwewo, isanafike pa itatu.

AnaBanda_Lundazi

Ine pa miyezi iwiri ndimayamba kale kuikako theka. Itatu ndi kuchedwa kwa munthu amene makina ake angatuluke usiku pa njinga.

MaiLeja_Kapata

Limenelo ndikambirana ndi eni sitolo Lolemba, malire aike okha. A Banda, munditumizireko chitsanzo cha kapepala kaja kosainitsa alandilodi.